Nyemba Zinapita, Ndalama Sizinabwere

Mwezi wa Juni kuno ku Angonia ndi mwezi wa masikelo. Pa msewu wochokera ku Ulongwe kupita ku Domwe ogula amapachika masikelo awo pansi pa mitengo ndi pa makhonde a masitolo. Ena amalipira pompo, mlimi n'kubwerera kwawo ndalama zili m'thumba. Koma ena amati, "Ndikagulitse kaye ku Tete, ndikabwera ndidzakupatsani." Mlimi amavomera pakuti wogulayo ndi womudziwa, ndiponso mtengo wake wakwerako pang'ono kuposa wa anzake. Galimoto imanyamuka ndi matumba, mlimi n'kutsala ndi mawu okha.

Izi zinawachitikira amayi ena a m'koperativa yathu m'chaka cha 2024. Iwo anatilola kuti tilembe nkhani yawo m'buku lino kuti anzathu aphunzirepo, koma mayina tawachotsa. Pamene pali dzina taika "Uje".

Amayiwa ndi amasiye, ndipo amalera adzukulu atatu. Analowa sukulu yathu ya akulu asakudziwa ngakhale kugwira pensulo, koma pofika chaka chimenecho ankatha kuwerenga ndi kulemba pang'onopang'ono. Tsiku lina masana, titangoyamba phunziro, anamasula mfundo ya pa nsalu yawo natulutsa kapepala kong'ambidwa m'kope. Anati, "Aphunzitsi, mwana wanga, taona kapepala aka. Kodi kangandibwezere ndalama zanga?"

Tinakafunyulula. Panalembedwa manambala atatu okha: 8, 400 ndi 50. Panalibe dzina la wogula, panalibe tsiku, panalibe siginecha. Amayi anafotokoza kuti 8 ndi matumba a nyemba, 400 ndi makilogalamu amene anatuluka pa sikelo, ndipo 50 ndi mametikali amene anapangana pa kilogalamu imodzi. Wogula ananyamula nyembazo pa 14 Juni, nasiya mametikali 5,000, nalonjeza kuti zotsala adzapereka pakatha masabata awiri. Tsiku limene amayi ankatiuza izi tinali kumapeto kwa Ogasiti. Anali atapita katatu ku sitolo ya munthuyo ku Ulongwe. Ulendo woyamba anauzidwa kuti abwana achoka. Ulendo wachiwiri anawapeza, ndipo anati mawa. Ulendo wachitatu abwanawo anati mtengo wa nyemba watsika ku Tete, kotero sangathe kulipira 50, angathe 40 basi.

Ndalama zimenezo zinali za feteleza ndi mbewu ya chimanga. Mvula kuno imayamba cha mu Novembala. Ngati ndalama sizibwera mvula isanagwe, munda wa amayi udzalidwa wopanda feteleza, ndipo adzukulu aja adzaona njala mu Febuluwale. Tsono tsiku limenelo tinaika pambali phunziro limene tinakonza. Tinati tiyeni tonse tiwathandize amayi kulemba kalata.

Kalata yoyamba tinaikana

Amayi anali atayesa kale kulemba okha kunyumba. Kalata yawo inayamba chonchi: "Inu bambo ndinu wakuba, mulibe manyazi, mukudya thukuta la mayi wamasiye." Atawerenga, anthu ambiri m'kalasi anawomba m'manja. Ifenso mumtima tinagwirizana nawo, pakuti munthu wopita katatu ku Ulongwe n'kubwerako chimanjamanja ayenera kupsa mtima.

Koma tinafunsa funso limodzi. Kodi kalata iyi ikafika m'manja mwa mfumu, kapena mwa woweruza amene sakuwadziwa amayi ndiponso sakumudziwa wogulayo, adzadziwa kuti ngongole ndi ndalama zingati? Onse anakhala chete. M'kalata monsemo munalibe nambala ngakhale imodzi. Munalibe tsiku limene nyemba zinatengedwa, ndiponso munalibe dzina la munthu amene anaona.

Apulezidenti a koperativa, amene ndi munthu wachikulire ndipo anakhalapo pa milandu yambiri, anawonjeza mawu ena. Anati, "Mukamutcha munthu wakuba pa pepala, mwamupatsa ndodo. Iye adzanyamula pepalalo n'kunena kuti mwamunyoza, ndipo bwalo lidzayamba kukamba za chipongwe, za nyemba n'kuiwalika." Ananena zoona, pakuti m'malamulo a dziko lathu kunyoza munthu ndi kuipitsa mbiri yake ndi mlandu. Amayi anaseka pang'ono, napinda kalata ija nati aisunga kuti aziwerenga okha mtima ukawawa.

Kalata yofunsa ngongole imawerengedwa ndi anthu awiri. Woyamba ndi wogula amene tikumulembera. Wachiwiri ndi munthu amene adzaweruze nkhaniyo ngati wogula akana, ndipo ameneyo sanalipo pa sikelo. Polemba mzere uliwonse tiziganiza za munthu wachiwiriyu.

Masamu pa bolodi

Tisanalembe mawu tinayamba ndi masamu. Mmodzi wa ophunzira anapita pa bolodi nachulukitsa makilogalamu 400 ndi mametikali 50. Zinatuluka 20,000. Umenewu ndiwo mtengo wa nyemba zonse. Kenaka tinachotsa 5,000 zimene wogula anasiya tsiku lonyamula. Zinatsala 15,000, ndipo amayi anati, "Eya, zimenezo ndizo ndikufuna."

Mwamwayi mlembi wa koperativa anafunsa kuti, "Amayi, kodi kuyambira tsiku lija munthuyu sanaperekenso kanthu, ngakhale kakang'ono?" Amayi anaganiza, kenaka anagwira pakamwa. Mu Julaye, mdzukulu wawo atadwala, anamuimbira wogulayo ndi kumudandaulira, ndipo iye anatumiza mametikali 3,000 pa foni ya mwana wawo wamwamuna. Ndalamazo zinathera ku chipatala ndi pa ulendo tsiku lomwelo, kotero m'mutu mwawo sizinawerengedwe ngati malipiro a nyemba. Tinaitana mwanayo, ndipo uthenga unali ukadali m'foni: 3,000, pa 20 Julaye, kuchokera ku nambala ya wogula.

Anzathu, apa ndi pamene makalata ambiri amagwera. Tikadalemba 15,000, wogula akadatulutsa foni yake pa bwalo n'kuonetsa 3,000 zija, n'kunena kuti, "Onani, mayiyu ndi wabodza." Ndipo anthu akadayamba kukayika ngakhale mawu oona a amayi. Ngongole yeniyeni inali 12,000. Ndalama iliyonse imene wogula anapereka, ngakhale anaitcha ya sopo, ilembedwe m'kalata ndi tsiku lake.

Uthenga wa pa foni uja unatithandizanso m'njira ina. Kapepala ka manambala atatu kanalibe dzina, koma uthengawo unali ndi nambala ya wogula. Munthu satumiza 3,000 kwa mayi wa kumudzi popanda chifukwa. Tinamuuza mnyamata uja kuti asaufufute, ndipo tinakopera mawu ake onse m'buku la koperativa kuopa kuti foni ingatayike kapena kufa.

Bambo wina anati tiwonjezere ndalama za maulendo atatu a ku Ulongwe, pakuti ulendo uliwonse amayi ankalipira mametikali 200 kupita ndi kubwera. Tinakambirana kwa nthawi. Ife tinaona kuti 600 zimenezo amayi anazitayadi chifukwa cha wogula, koma sizinali m'pangano la pa sikelo. Tikazisakaniza ndi mtengo wa nyemba, wogula apeza pokanganira. Tinazilemba pa tsamba lina m'buku, kuti ngati nkhani ifika pa bwalo amayi akazitchule kumeneko.

Chinatsala ndi dzina. Kumudzi wogulayo amadziwika ndi dzina loseweretsa, ndipo amene anagwira sikelo tsiku lija anali mnyamata wake wantchito. Kodi kalata ipite kwa yani? Ipite kwa mwini malonda, amene anapangana mtengo ndi amayi pakamwa pake. Mnyamata wa pa sikelo alibe ngongole, iye ndi mboni chabe. Mlembi anapita ku Ulongwe nakopera dzina lenileni la munthuyo monga linalembedwera pa chikalata cha malonda chopachikidwa m'sitolo mwake. Nambala ya galimoto inali kale m'buku la koperativa, pakuti mlembi wathu ali ndi chizolowezi cholemba galimoto iliyonse yonyamula katundu pa nkhokwe yathu.

Kalata imene inapita

Amayi analemba ndi dzanja lawo. Anatha masana awiri, ndipo anang'amba mapepala atatu. Ife tinangowathandiza kalembedwe ka mawu ovuta. Nayi kalatayo.

Mudzi wa kwa Uje,
Domwe, Angonia.
2 Seputembala 2024.

Kwa Bambo Uje,
Sitolo ya Uje, Ulongwe.

Bambo,

NGONGOLE YA NYEMBA ZIMENE MUNATENGA PA 14 JUNI 2024

Ine ndine Uje, membala wa koperativa ya kwa Uje. Ndikhulupirira muli bwino.

Pa 14 Juni 2024 munagula kwa ine nyemba matumba 8 pa nkhokwe ya koperativa yathu. Mnyamata wanu anayeza pa sikelo yanu inu muli pomwepo, ndipo zinakwana makilogalamu 400. Tinapangana mametikali 50 pa kilogalamu imodzi. Ndalama zonse ndi mametikali 20,000. Nyembazo munanyamula tsiku lomwelo pa galimoto ya nambala yakutiyakuti. Amene anaona ndi Bambo Uje, mlembi wa koperativa, ndi Mayi Uje.

Tsiku limenelo munandipatsa mametikali 5,000 pamanja. Pa 20 Julaye 2024 munatumiza mametikali 3,000 pa foni ya mwana wanga. Zonse zimene ndalandira ndi mametikali 8,000. Zotsala ndi mametikali zikwi khumi ndi ziwiri (12,000).

Munalonjeza kuti mudzamaliza kulipira pa 28 Juni 2024. Tsikulo linapita. Ndabwera ku sitolo kwanu katatu koma sindinalandire. Ulendo wachitatu munati mtengo watsika ndipo mulipira mametikali 40. Ine sindinavomere. Mtengo umene tinapangana ndi 50.

Ndikupempha kuti mundilipire mametikali 12,000 pofika pa 17 Seputembala 2024. Mubweretse ku ofesi ya koperativa pamaso pa mlembi, kapena mutumize pa nambala ya foni imene ili m'munsimu. Ngati tsikuli lidutsa musanalipire, ndidzatengera nkhaniyi ku bwalo la milandu la m'dera lathu, ndipo ikakanika kumeneko ndidzapita ku khoti la boma ku Ulongwe.

Ine,
Uje.

Mboni: Uje, mlembi wa koperativa. Uje.

Tiyeni tione zinthu zingapo m'kalatamu. Ndalama yotsala yalembedwa kawiri, m'mawu ndi m'manambala. Nambala yokha ndi yosavuta kuisintha: munthu angafufute 1 wa kutsogolo, 12,000 n'kusanduka 2,000. Mawu akuti zikwi khumi ndi ziwiri sangasinthidwe popanda kuonekera. Onaninso kuti paliponse talemba kuti "mametikali". Kuno ku malire anthu amagulitsa ndi mametikali ndiponso ndi makwacha a ku Malawi, ndipo mphamvu ya ndalama ziwirizi ndi yosiyana kwambiri. Kalata imene ingoti "ndalama 12,000" yasiya khomo lotsegula.

Sitinalembe kuti "mundilipire msanga" kapena "mwezi uno usanathe". Msanga wa mlimi ndi mawa, msanga wa wogula ndi chaka chamawa. Tinaika tsiku lenileni, masiku 15 kuchokera tsiku lolemba. Masiku amenewa ndi okwanira kuti munthu wa malonda apeze ndalama, ndipo akapanda kulipira pamatsala nthawi yopita ku bwalo mvula isanagwe.

Mzere wakuti "Ine sindinavomere" amayi sankafuna kuulemba. Ankati ndi mwano kumuyankha choncho munthu wamkulu. Koma tinabwereranso pa bolodi. Makilogalamu 400 pa mtengo wa 40 ndi 16,000. Kuchotsa 8,000 zolandira kale, kutsala 8,000. Ndiye kuti mawu aja a "mtengo watsika" akuwadyera amayi mametikali 4,000. Kalata ikakhala chete pa nkhaniyi, wogula adzanena kuti anauza amayi za mtengo watsopano ndipo iwo sanakane. Nyemba zinasanduka zake tsiku limene anazikweza pa galimoto pa mtengo wa 50. Mtengo ukadakwera ku Tete kufika 70, kodi akadabwera kudzawawonjezera amayi? Atamva funso limeneli amayi anatenga cholembera nalemba mzere uja.

Pomaliza, m'kalata tinanena chokhacho chimene amayi angathe kuchitadi, ndicho kupita ku bwalo. Achinyamata ena ankati tilembe kuti tidzagwira galimoto yake ikadzabweranso, kapena tidzatenga katundu m'sitolo mwake. Ayi. Lamulo silimulola munthu kudzilipira yekha ndi mphamvu. Mukagwira galimoto ya munthu, apolisi adzabwera kudzatenga inu, ndipo wa ngongole uja adzakhala wodandaula.

Kodi lamulo likuti bwanji?

Ambiri amaganiza kuti pangano la pakamwa lilibe mphamvu. Si choncho. Buku la malamulo a pakati pa munthu ndi mnzake, limene pa Chipwitikizi limatchedwa Kodigu Sivili, linalembedwa mu 1966 ndipo likugwirabe ntchito m'dziko lathu la Mozambiki. Ndime 219 ya bukuli imati pangano silifuna kulembedwa pokhapokha ngati lamulo lanena kuti lilembedwe. Kugula ndi kugulitsa nyemba, chimanga, soya kapena mbatata ya kachewere kumatheka ndi pakamwa, ndipo wogula ayenera kulipira.

Vuto lili pa umboni. Ndime 342 imati amene akunena kuti ali ndi ufulu pa chinthu, ndiye ayenera kuonetsa umboni wake. Choncho amayi ayenera kuonetsa kuti anagulitsadi makilogalamu 400 pa mtengo wa 50. Apa ndi pamene mboni ziwiri zija, kapepala ka manambala atatu ndi uthenga wa pa foni zimagwira ntchito. Koma ndime yomweyo ili ndi mbali yachiwiri yokomera mlimi. Wogula akanena kuti, "Ndinalipira kale zonse," umboni wa kulipirako ayenera kuonetsa ndi iyeyo.

Ndime 805 ndiyo imatiuza chifukwa chake kalata ili yofunika. Imati wa ngongole amawerengedwa kuti wachedwa kulipira kuyambira pamene wafunsidwa kuti alipire, kaya kudzera ku khoti kaya kunja kwa khoti. Ngati panali tsiku lenileni lopangana, kuchedwa kumayamba tsikulo likadutsa. Kwa amayi athu tsiku linalipo, 28 Juni, koma linanenedwa pakamwa, ndipo wogula angalikane. Alimi ambiri alibe ngakhale tsiku, anangouzidwa kuti "ndikabwera ku Tete". Kwa otere kalata ndiyo imaika tsiku. Kuyambira pamene wogula wailandira, sangathenso kunena kuti palibe amene anamufunsa.

Kupereka kalata

Kalata yolembedwa bwino ikaperekedwa molakwa, ntchito yonse yapita pachabe. Musaitume kwa mwana wa sukulu. Musaisiye kwa mnyamata wa m'sitolo, chifukwa mawa abwana adzati sanaione.

Amayi analemba makalata awiri ofanana mawu ndi mawu, nasainira onse awiri pamodzi ndi mboni. Amene sanafike podziwa kusaina angathe kudinda chala, mboni n'kulemba dzina lake pambali. Ku Ulongwe kuli malo ojambula mapepala, kotero amene dzanja latopa angalembe imodzi n'kukajambulitsa. Kapepala ka manambala atatu tinakajambulitsanso. Chithunzi chake tinachimata ku kalata, koma kapepala kenikeniko kanatsala m'bokosi la koperativa. Musapereke pepala lenileni la umboni m'manja mwa munthu amene mukumufunsa ngongole, ngakhale atati angoona.

Pa 3 Seputembala amayi anapita ku Ulongwe ndi mlembi ndi apulezidenti. Anasankha m'mawa, nthawi imene mwini sitolo amakhala akutsegula. Anapereka moni mwaulemu, nakhala pansi, ndipo apulezidenti anati, "Bambo, tabwera ndi kalata ya amayiwa. Imodzi ndi yanu. Pa inayi tikupempha mulembe kuti mwalandira, muike tsiku ndi siginecha." Wogula anawerenga, nkhope n'kusintha. Anati iye sasaina mapepala a kumudzi. Apulezidenti sanakangane naye. Anaisiya kalata yake pa tebulo, ndipo mlembi analemba pansi pa kalata ya amayi, wogulayo akuona, mawu awa: "Lero pa 3 Seputembala 2024, nthawi ya 8 koloko m'mawa, tapereka kalata iyi m'manja mwa Bambo Uje ku sitolo kwawo. Awerenga koma akana kusaina." Mlembi ndi apulezidenti anasaina, natsanzika.

Kukana kusaina sikupha kalata. Anthu awiri anaona kuti yaperekedwa, ndipo analemba nthawi yomweyo. Chimene tiyenera kupewa ndi kubwerako opanda chilichonse cholembedwa pa kalata yotsala.

Wogula akapanda kuyankha

Pobwerera amayi anafunsa kuti, "Nanga akakhala chete mpaka pa 17, tidzatani?" Tinakambirana m'kalasi kuti aliyense adziwe njira. Poyamba ndi bwalo la milandu la m'dera, limene pa Chipwitikizi amati tiribunali komunitariyu. Mabwalo amenewa anakhazikitsidwa ndi Lamulo nambala 4 la chaka cha 1992. Oweruza ake ndi anthu a m'dera momwemo, amamva Chinyanja, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kuyanjanitsa anthu. Amaitana mbali zonse ziwiri, amamva mboni, nathandiza kuti pakhale chimvano. Koma mphamvu yawo ili ndi malire. Mbali imodzi ikakana chigamulo, nkhani imapita ku khoti la boma. Kumeneko mapepala amayenda m'Chipwitikizi, kotero kalata yathu iyenera kumasuliridwa. Amene alibe ndalama zolipira loya angapite ku ofesi ya boma yotchedwa IPAJ, imene ntchito yake ndi kuthandiza osauka pa milandu.

Ena amathamangira ku polisi. Ngongole ya munthu wodziwika, amene ali ndi sitolo ndipo sakuthawa, si mlandu wa polisi, ndipo kawirikawiri amakubwezani kuti mupite ku bwalo. Zimasiyana ngati munthu anabwera ndi dzina labodza, nanyamula zokolola za mudzi wonse, nazimitsa foni n'kusowa. Chimenecho ndi chinyengo, ndipo pitani ku polisi msanga ndi nambala ya galimoto. Munthu wotero kalata singamupeze, pakuti alibe khomo loiperekera. Kalata imagwira munthu amene ali ndi malo ake ndi mbiri yoti aiteteze, amene akufuna kudzapachikanso sikelo pa mudzi womwewo chaka chamawa.

Wogula wa amayi anali wotero. Pa 12 Seputembala anafika pa njinga yamoto ku ofesi ya koperativa ndi mametikali 7,000. Za mtengo wa 40 sanazitchulenso. Anati zotsala alibe pakali pano. Apa panali msampha wina, ndipo mlembi anauona. Wogula anatulutsa pepala lake kuti amayi asainire, ndipo pa pepalapo panalembedwa m'Chipwitikizi kuti alandira malipiro a nyemba. Amayi anati, "Bambo, dikirani, ine ndimasaina chimene ndawerenga." Mlembi anawamasulira, ndipo onse anaona kuti pepalalo silikunena kuti pali zotsala. Munthu woliwerenga mawa akadaganiza kuti ngongole yatha.

Tsono analemba lina m'buku la koperativa, m'Chinyanja: "Lero pa 12 Seputembala 2024, ine Uje ndalandira mametikali 7,000 kwa Bambo Uje pa ngongole ya nyemba ya mametikali 12,000. Zotsala ndi mametikali zikwi zisanu (5,000). Ine Bambo Uje ndikuvomera kuti ndidzalipira zotsalazi pofika pa 15 Okutobala 2024." Amayi anasaina, mboni zinasaina, ndipo ulendo uno wogula anasainanso, pakuti ankafuna umboni wa 7,000 zake. Aka kanali koyamba kuti dzina lake ndi dzanja lake zioneke pansi pa ngongoleyo.

Pa 15 Okutobala sanabwere. Mlembi anamuimbira foni namuwerengera mawu a m'buku aja, namuuza kuti Lolemba amayi akupita nalo bukulo ku bwalo. Pa 19 Okutobala mametikali 5,000 analowa pa foni ya mwana wa amayi. Mametikali 600 a maulendo aja sanabwezedwe, ndipo amayi anati asiyeni, atopa nayo nkhaniyo. Feteleza anagula sabata yotsatira, ndipo anamunyamulira pa ngolo ya koperativa.